Banyira wa mbewu pa feteleza: momwe tinalembera malamulo ake mu Novembala 2024

Ntchito yanga ndi yolemba zotsatsa malonda: maposita, mawu a pa wailesi, ndi timalemba tija ta m'munsi mwa posita timene anthu amatiwerenga pokhapokha mkangano ukabuka. Lipoti ili ndi la ntchito imene ndinagwirira sitolo ina ya zipangizo za ulimi kuno ku Lilongwe. Ili ndi nthambi zitatu: m'tauni chakufupi ndi msewu wa Malangalanga, ku Eriya 25 ndi ku Mitundu. Pulomoshoni yake inali yosavuta kuinena: ukagula matumba awiri a feteleza a 50 kg, ulandira paketi ya mbewu ya chimanga ya 2 kg yaulere.

Anandiitana chifukwa cha zimene zinawaonekera chaka chapitacho. Posita ya 2023 inali ndi mawu akuluakulu akuti "Gulani feteleza, tengani mbewu yaulere mwezi wonse wa Novembala", ndipo pansi pake panali kamzere kakuti "Malamulo alipo". Malamulowo anali m'mutu mwa eni sitolo basi. Sabata yoyamba yomweyo mavenda ochepa ogula matumba ambirimbiri anakokolola mbewu yochuluka n'kukaigulitsa pamsika. Kenako pa 9 Novembala kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo inasokonekera, ndipo abwana anangoimbira nthambi zonse kuti banyira waima. Posita inatsala pakhoma ikulonjezabe mwezi wonse. Amene anatukwanidwa ndi atsikana a pakauntala.

Ndiye sindinayambire muofesi ya abwana. Ndinayamba ndakhala pansi ndi makashiya atatu, mmodzi wa nthambi iliyonse, n'kuwapempha andiuze mafunso onse amene anakanganirapo ndi ogula. Pa zimene anandiuzazo ndinadziikira lamulo limodzi la ntchito yonseyi: chiganizo chilichonse chiyankhe funso limene wogula angafunse pakauntala, ndipo yankho lake kashiya azitha kuliloza ndi chala, kaya pa risiti, pa wotchi, pa chiphaso kapena m'kaundula. Chiganizo chofuna kuti kashiya achite kuganizira kapena kuimbira abwana ndinkachiona ngati chosatha kulembedwa.

Mawu amodzi ndinawachotsa tisanapite patali. Abwana ankafuna mutu wakuti "Mpikisano wa dzinja". Kwa anthu ambiri pulomoshoni iliyonse ndi mpikisano, koma mpikisano weniweni umakhala ndi mayere, ena kupambana ena kubwerera chimanjamanja, ndipo wotero umafunika chilolezo cha bungwe loyang'anira njuga ndi malotale la MAGLA. Kwathu kunalibe mayere: aliyense wokwaniritsa zofunika ankalandira. Tinasankha mawu akuti banyira, amene mayi aliyense wogula tomato pamsika amawadziwa, ndipo mawu akuti "mwayi" ndi "kupambana" sanaoneke paliponse.

Masiku

Abwana anandipatsa masiku motere: "kuyambira pa 4 mpaka kumapeto kwa Novembala, kupatula pa Sabata". Chiganizo chachifupi chimenechi chinali ndi mabowo anayi.

Loyamba ndi "mpaka". Munthu akati mpaka pa 30, wina amamva kuti pa 30 pomwepo zilipo, wina amamva kuti zithera pa 29 usiku. Chichewa sichidula mlandu umenewu pachokha, choncho ndinalemba ziganizo ziwiri m'malo mwa chimodzi: tsiku loyamba ndi lakuti, tsiku lomaliza ndi lakuti. Ndinaikanso dzina la tsiku pamodzi ndi deti ndi chaka, Lolemba pa 4 Novembala 2024 ndi Loweruka pa 30 Novembala 2024. Ambiri kumudzi amawerenga masiku ndi dzina lake kuposa deti, ndipo chakacho chimathandiza posita ikatsalira pakhoma la golosale mpaka dzinja lotsatira.

Lachiwiri ndi "Sabata". Kashiya wa ku Eriya 25 amapemphera Loweruka, ndipo atamva chiganizocho anafunsa ngati tikutanthauza kuti Loweruka kulibe banyira. Akanapanda iyeyo sindikanaliona bowo limeneli. Tinalemba Lamlungu.

Lachitatu linatulukira titaika kalendala patebulo. Tsiku lomaliza linali Loweruka, ndipo Loweruka nthambi ya m'tauni imatseka 1 koloko masana pamene ya ku Mitundu imafika 5 koloko. Pulomoshoni ikanatha nthawi ziwiri zosiyana m'sitolo imodzi. Abwana anavomera kuti tsiku limenelo lokha nthambi zonse zitseke 5 koloko madzulo, ndipo tinaonjeza kuti amene ali kale pamzere nthawiyo ikamakwana athandizidwa. Kuti izi zisakhale zongolankhula, mlonda anapatsidwa timapepala ta manambala toti agawire ali pamzere 5 koloko ikangokwana. Wopanda kapepala ndiye kuti wachedwa, ndipo palibe wotsutsa.

Lachinayi ndi limene linatitengera nthawi yaitali: kodi "kugula" ndi liti? Alimi ambiri salipira feteleza tsiku limodzi. Amasiya dipoziti mu Okutobala akagulitsa soya kapena mtedza wotsala, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Ena amatumiziridwa ndalama ndi mwana wawo wa ku Joni kapena wa m'tauni pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kudzatenga matumba patapita masiku atatu akapeza ngolo. Pali masiku atatu apa: loyamba kulipira, lomaliza kulipira, ndi lotenga katundu. Abwana ankafuna kuti dipoziti ya Okutobala isawerengedwe, poti anthu amenewo "anali atagula kale". Ine ndinakana pa chifukwa cha pakauntala: mlimi amene wakhala akusenza ndalama yake kubwera nayo kwa inu milungu isanu adzaima pamzere umodzi ndi wobwera lero, winayo n'kulandira mbewu iye ayi. Kashiya adzamuuza chiyani? Tinagwirizana kuti chowerengedwa ndi tsiku limene ndalama yonse yakwana, chifukwa ndi tsiku limene risiti imatuluka, ndipo risiti ili ndi deti. Kwa olipira pa foni, nthawi yowerengedwa ndi imene yalembedwa mu uthenga wotsimikiza kuti ndalama yalowa, osati nthawi imene uthengawo wafika pa foni ya sitolo. Netiweki ikavuta uthenga umatha kuchedwa, ndipo si mlandu wa wogula.

Malire

Malire anali a mitundu iwiri, ndipo ndi bwino kusawasakaniza: mbewu yonse imene ilipo, ndi imene munthu mmodzi angatenge.

Mawu ozolowereka akuti "katundu akadalipo" sauza munthu kanthu. Mapaketi 10 ndi mapaketi 1,000 onse amakwana m'mawu amenewo, ndipo wogula amene wauzidwa kuti zatha alibe podziwira ngati zinalipodi. Ndinapempha nambala yeniyeni. Anali mapaketi 600, ndiye kuti matumba 1,200, ndipo pa masiku 24 ogulitsa ndi mapaketi 25 patsiku. Tinawagawa: 300 m'tauni, 180 ku Mitundu, 120 ku Eriya 25. Manambalawa analowa m'malamulo, ndipo nthambi iliyonse inkalemba ndi choko pa bolodi ya pakhomo m'mawa uliwonse mapaketi otsala. Abwana poyamba ankaopa kuti masitolo oyandikana nawo adziwa kukula kwa thumba lawo. Koma bolodiyo inagwira ntchito kuposa wailesi, chifukwa akabaza ankaiwerenga n'kumakauza anthu.

Malire a munthu mmodzi ndiwo anali mtima wa nkhani, poti ndi pamene mavenda anadutsira mu 2023. "Mapaketi awiri pa munthu" akuoneka omveka, koma funsani: pa tsiku, pa risiti, pa nthambi, kapena pa nthawi yonse? Mukati pa risiti, venda agula maulendo khumi. Mukati pa tsiku, abwera m'mawa uliwonse. Tinalemba kuti mapaketi awiri pa munthu, pa masiku onse a pulomoshoni, nthambi zonse zitatu kuphatikiza. Munthuyo timudziwa bwanji? Nambala ya foni sinatithandize, poti munthu mmodzi amayenda ndi masimu atatu. Tinatenga chiphaso cha unzika, ngakhale chitakhala chotha masiku, popeza ife timangofuna kudziwa kuti munthuyo ndi yemweyo. Kashiya ankalemba m'kaundula dzina, nambala ya chiphaso ndi nambala ya risiti, ndipo madzulo nthambi zinkatumizirana chithunzi cha tsamba la tsikulo. Ichi chinali ndi kabowo kake kamene tinakasiya tikukadziwa: munthu akanatha kutenga m'tauni m'mawa n'kukatenganso ku Eriya 25 masana tsamba lisanazungulire. Tinaona kuti mtengo wa ulendowo ukudya phindu lake lambiri.

Kenako kashiya wa ku Mitundu anafunsa funso limene linagwetsa zonse zimene ndinalemba:

"Nanga makalabu, achimwene? Tcheyamani amabwera yekha ndi ndalama ya anthu 15, n'kugula matumba 30. Mumupatsa mapaketi awiri?"

Pa pepala, tcheyamani wa kalabu ndi venda ndi ofanana: munthu mmodzi, chiphaso chimodzi, matumba ambiri. Malire amene tinaikira venda akanapweteka alimi enieni amene pulomoshoniyo inapangidwira. Sitinachotse malirewo, tinangotsegula khomo lina lokhala ndi umboni wake. Kalabu ibwere ndi mndandanda wa mamembala wokhala ndi manambala a ziphaso zawo, wosainidwa ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lawo, ndipo membala aliyense awerengedwa payekha. Matumba 30 a anthu 15 ndi mapaketi 15. Mayina onsewo amalowa m'kaundula, choncho membala amene walandira paketi imodzi kudzera m'kalabu watsala ndi imodzi akadzabwera yekha.

Tina tating'ono tinayankhidwa ndi zitsanzo m'malo mwa malamulo. Matumba atatu ndi paketi imodzi. Matumba asanu ndi mapaketi awiri. Wokulitsa ndi wobereketsa mutha kusakaniza, NPK limodzi ndi yureya limodzi. Amayi awiri akasonkherana thumba limodzi limodzi pa risiti imodzi, alandira paketi imodzi, akagawane okha. Ndaona kuti chitsanzo cha manambala chimatseka mkangano msanga kuposa chiganizo chofotokoza, ngakhale chitalembedwa bwino chotani.

Zosawerengedwa

Apa zikuluzikulu zinali zinayi: feteleza wa pulogalamu ya boma ya AIP, ogula pa mtengo wopikulitsa umene m'sitoloyi umayambira matumba 20, otenga pa ngongole, ndi antchito a sitolo. Kalabu yogula matumba 30 inali ndi ufulu wosankha, mtengo wopikulitsa popanda mbewu kapena mtengo wa aliyense ndi mbewu. Timatumba ta 25 kg ndi 10 kg sitinkawerengedwa ngakhale titaphatikizidwa kukwana 50 kg, ndipo izi ndinazilemba poyera chifukwa munthu wodziwa masamu akanafunsa.

Ziganizo ziwiri za abwana ndinazikana. Choyamba chinali chakuti mbewu yaulere ikapanda kumera si mlandu wa sitolo. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene bungwe la CFTC limayang'anira ndipo linalembedwanso mwatsopano mu 2024, sililola wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu wowonongeka, monganso limaletsa kutsatsa kosocheretsa ogula. Komanso mbewuyo si yaulere kwenikweni, munthu wailandira chifukwa walipira matumba awiri. M'malo mwake tinayang'ana chizindikiro cha pa paketi iliyonse kuti titsimikize kuti ndi mbewu yovomerezeka ya nyengo yomweyo, osati yogonera.

Chachiwiri chinali chakuti sitolo ikhoza kusintha kapena kuimitsa pulomoshoni nthawi iliyonse. Ndinamvetsa mantha ake pambuyo pa kugwa kwa kwacha kuja. Koma chiganizo chimenecho chimafafaniza zonse zili pamwamba pake. Mantha enieni anali pa mtengo wa feteleza, ndiye tinathana ndi mtengowo: m'malamulo simunalembedwe kwacha ngakhale imodzi, ndipo tinanena kuti feteleza agulitsidwa pa mtengo wa tsikulo wolembedwa pakauntala. Lonjezo linatsala pa mapaketi 600 amene anali kale m'nyumba yosungira katundu, olipiridwa kale, amene kwacha sikanawakhudza.

Mawu amene anatuluka

Malamulo onse anakwana theka la pepala la A4. Ndinawalemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi, Chingerezi n'kudzatsatira, chifukwa ukayambira ku Chingerezi cha maloya umatulutsa Chichewa chimene palibe amachilankhula. Ndime zake zikuluzikulu zinali izi:

"Gulani matumba awiri a feteleza a 50 kg pa risiti imodzi, mulandire paketi imodzi ya mbewu ya chimanga ya 2 kg yaulere. Tsiku loyamba ndi Lolemba pa 4 Novembala 2024. Tsiku lomaliza ndi Loweruka pa 30 Novembala 2024, 5 koloko madzulo. Lamlungu sititsegula. Tiwerenga tsiku limene mwamaliza kulipira, ngakhale munayamba kulipira kale.

Mapaketi alipo 600: 300 m'tauni, 180 ku Mitundu, 120 ku Eriya 25. Akatha pa nthambi, banyira wathanso pa nthambiyo ngakhale pa 30 pasanafike. Otsala timalemba pakhomo m'mawa uliwonse.

Munthu mmodzi salandira mapaketi oposa awiri pa masiku onsewa, nthambi zonse kuphatikiza. Bwerani ndi chiphaso cha unzika. Tilemba dzina ndi nambala yake pofuna kuwerengera banyira yekha basi.

Mbewu mutenge pa nthambi imene mwalipira. Sitisinthanitsa ndi ndalama. Mukabweza feteleza, mubwezenso paketiyo yosatsegula."

Ndisanapereke kosindikiza, ndinawerengera mokweza mlonda wa m'tauni ndi mayi wina wogulitsa nthochi pakhonde, kamodzi kokha, n'kuwafunsa mafunso a makashiya aja. Pamene analakwitsa yankho, ndinakonza chiganizo. Mayiyo ndiye anandichotsetsa mawu akuti "oyenerera", amene anawamva ngati pali mndandanda wa kwa amfumu.

Panali chinanso chimene ndinaumirira. Si zonse zoyenera kukhala m'timalemba tating'ono. Mfundo iliyonse imene ingasinthe maganizo a munthu pa zokwera minibasi kapena kuchita hayala ngolo iyenera kukhala m'malemba akuluakulu ndi m'mawu a pa wailesi. Zinali zinayi: matumba awiri, tsiku lomaliza, mapaketi 600 okha, ndi kubwera ndi chiphaso. Woulutsa mawu anadandaula kuti masekondi 30 sakukwana, ndiye tinadula kanyimbo ka kumayambiriro.

Zimene zinavutabe

Zinthu ziwiri sitinazione. Choyamba chinatuluka tsiku lachitatu. Tinalemba kuti bwerani ndi chiphaso, koma sitinanene kuti cha ndani. Mnyamata wina anafika m'tauni ndi ziphaso zisanu ndi chimodzi m'thumba, akuti za abale ake, n'kufuna mapaketi 12. Malinga ndi zimene tinalemba, sanalakwe. Kashiya anandiimbira, ndipo tinamupatsa, chifukwa malamulo olembedwa amamanga wolemba choyamba. Tsiku lomwelo tinamata chidziwitso pa nthambi zonse kuti kuyambira Lolemba pa 11 Novembala mwini chiphaso azibwera yekha, kupatula makalabu. Tinasiya masiku anayi pakati kuti amene anamva zakale asagwidwe modzidzimutsa. Okalamba ndi odwala otuma mwana tinawalola ngati mwanayo wabwera ndi chiphaso chimodzi chokha cha womutumayo pamodzi ndi chake.

Chachiwiri chinali cha ku Mitundu. Makalabu anabwera ambiri kuposa momwe tinaganizira, ndipo mapaketi 180 anatha Lachiwiri pa 19 Novembala, pamene ku Eriya 25 kunali kutatsala oposa theka. Malamulo anatiteteza, poti ananena kuti akatha atha. Koma wailesi inali ikulengezabe nthambi zonse zitatu, ndipo kusintha mawuwo kunafuna masiku awiri. Munthu wochokera kutali atamva wailesi m'mawa womwewo sungamulozere timalemba ta pansi pa posita. Abwana anati tingosamutsa mapaketi a ku Eriya 25. Ndinawakumbutsa kuti 120 ija tinailemba ndi kuimata pakhoma: kuonjezera pa zimene walonjeza n'kotheka, kuchotsapo ayi. Anatulutsa mapaketi 50 pa mbewu yogulitsa n'kuwatumiza ku Mitundu kuti akwanire masiku awiriwo, ndipo bolodi ya pakhomo inanena momwemo kuti awa ndi oonjezera.

Pa 30 mlonda wa m'tauni anagawa timapepala 14. Bambo wina amene mwana wake anamulipirira pa foni 4:52 madzulo, uthenga n'kufika pa foni ya sitolo itadutsa 5 koloko, analandira paketi yake kashiya atangoyang'ana nthawi ya mu uthengawo, osaimbira aliyense. Ku Eriya 25 kunatsala mapaketi 31.

Mu pepala limene ndasungira nyengo ikubwerayi ndasintha malo atatu. Chiphaso chalembedwa kuti "chiphaso chanu, inuyo mulipo". Magawo a nthambi ndawalemba ndi mawu akuti "osachepera", pa manambala otsikirapo, kuti mapaketi 100 akhale padera otumizidwa kumene kwayamba kutha. Ndipo mawu a pa wailesi tidzajambuliratu awiri tsiku limodzi, ena otchula nthambi zonse, ena ongoti "funsani kaye ngati mbewu ikadalipo pa nthambi yanu", kuti tsiku limene bolodi yafika pa 20 tidzangoimba foni kuti asinthe.